Chithunzi cha paketi chikabwera pa Watsapu, ndimayamba ndafunsa kuti nambalayi ndi ya magalamu angati

Kuno ku Mchinji zakudya za m'mapaketi zimatipeza kuchokera mbali zonse. Zina zimabwera kuchokera ku Lilongwe, zina zimalowera pa Mwami kuchokera ku Chipata, zina ndi za ku Joni, ndiye palinso mabisiketi ndi maswiti aja ochokera kutali ku Indiya kapena maiko a Aluya amene umangowapeza ali mbwee m'magolosale ndi pa maokala. Kuseri kwa mapaketi ambiri kumakhala kabokosi ka manambala konena za mafuta, shuga, mchere ndi zina zomwe zili m'chakudyacho, koma poti katunduyu wachokera m'maiko osiyanasiyana, timabokosi timeneti sitinalembedwe mofanana ayi, dziko lililonse lili ndi kalembedwe kake.

Masiku ano anthu ambiri akauzidwa kuchipatala kuti achepetse mafuta ndi mchere chifukwa cha bipi kapena shuga, amayamba kutembenuza mapaketi. Chizungu chake n'cholimba, ndiye chomwe amachita ndi kujambula kabokosiko pa foni n'kutumizira wachibale amene anapitako patali kusukulu, uthenga wake umakhala umodzi womwewo, "tandionereni, izi ndingadye?" Ine ndimaphunzitsa sayansi ndiye zithunzi zotere zimandipeza pafupipafupi, ndipo chomwe ndaona n'chakuti kumasulira mawuwo m'Chichewa si ntchito yovuta kwambiri, chovuta ndi kuwamasulira mwanjira yoti munthu asanamizike. Ukhoza kumasulira liwu lililonse bwinobwino koma munthu n'kukagula chinthu chomwe chikumupweteka ali ndi chikhulupiriro chonse kuti wasankha bwino.

Ndifotokoze ndi nkhani ya azakhali anga a ku Kamwendo. Iwo ali ndi bipi, ndipo atawayeza magazi anawauzanso kuti mafuta a m'magazi, kolesitolo uja, wakwera. Azakhali tiyi wawo wa m'mawa ndi wa 4 koloko samuphonya, ndipo ngati palibe mbatata kapena chinangwa amamwera mabisiketi. Mwana wawo, msuweni wanga, ndi amene amawagulira, ndiye tsiku lina ali m'shopu anajambula mapaketi awiri n'kunditumizira. Oyamba anali mabisiketi a kirimu pakati, kabokosi kake kolembedwa mwa kalembedwe ka ku Amereka. Pachithunzipo pankaoneka chonchi:

```
5 servings per container
Serving size 3 biscuits (30 g)
Calories 150
Total Fat 7 g          9%
  Saturated Fat 4 g   20%
Sodium 95 mg           4%
```

Achiwiri anali mabisiketi wamba opanda kirimu, ozungulira opyapyala aja, kabokosi kake ka kalembedwe ka ku Joni, koma chithunzicho chinadula mutu wake, chinangoyambira pa manambala:

```
Energy             1850 kJ
Total fat            11 g
 of which saturated 5,5 g
Total sodium        400 mg
```

Uthenga wake unali wakuti, "Asuweni taonani, ine ndimaganiza kuti a kirimuwa ndi oipa koma eti ndi amene ali ndi zochepa paliponse, 4 pomwe enawa 5 ndi hafu, 150 pomwe enawa 1850. Ndigule a kirimuwa?" Ndipo kunena zoona mwana uyu sanawerenge molakwika, manambala ndi omwewo, anachita bwino kwambiri kuyang'ana mzere wa mafuta. Vuto linali lakuti amafananiza zinthu zoyezedwa ndi milingo iwiri yosiyana. Ife a ku Mchinji nkhani imeneyi timaidziwa pa mtedza, venda wina akakuuza mtengo wa pa kilo wina n'kukuuza wa pa ndowa, sungathamangire amene watchula ndalama zambiri usanadziwe kuti ndowayo ikulowa makilo angati. Ndinamuuza kuti ajambulenso paketi yachiwiri kuyambira pamwamba, ndipo mutu wa manambala aja unatuluka, panalembedwa `Per 100 g`. Ndiye 4 ija inali ya magalamu 30 okha, pomwe 5,5 inali ya magalamu 100.

Apa ndi pomwe pali mawu oyamba ofunika kuwasamala, `Serving size`. Anthu ambiri, olo odziwa Chizungu, amawamasulira kuti "mlingo woyenera kudya" kapena "mlingo umene akulangiza kuti udye." Kumasulira kumeneku kumamveka bwino koma si zoona. Ku Amereka komwe kabokosi ka mtundu umenewu kanachokera, lamulo lake linakhazikitsidwa mu 1990 ndipo kabokosiko kanayamba kuoneka pa zakudya cha mu 1994, bungwe lawo loona za zakudya ndi mankhwala limanena poyera kuti mlingo umenewu si malangizo a kadyedwe, unatengedwa pa kuchuluka kwa chakudya chomwe anthu akumeneko amakonda kudya nthawi imodzi. M'maiko ena kampani yopanga chakudyacho ndi imene imasankha yokha mlingowo, ndipo mukudziwa kale kuti mlingo ukachepa manambala onse amaoneka ang'onoang'ono, osaopsa. Palibe dokotala amene anakhala pansi n'kunena kuti mayi wa bipi wa ku Kamwendo adye mabisiketi atatu. Ukamasulira kuti "woyenera kudya" wawonjezera chilolezo chomwe paketiyo sinapereke, munthu wa shuga amamva ngati atatuwo ndi ololedwa kwa iye tsiku lililonse.

Ine ndimamasulira motalika pang'ono, ndimati "manambala onse ali m'munsiwa awerengera pa mabisiketi atatu, omwe ndi magalamu 30." Si mawu okoma kuwamva ngati a m'dikishonale koma munthu amadziwa chochita nawo, amadziwa kuti akadya asanu ndi imodzi manambala onse awirikize kawiri. Ndipo mzere wa pamwamba pake uja, `servings per container`, ndimati "m'paketi yonseyi muli milingo yotere isanu." Mzere umenewu anthu amaudumpha kwambiri, chonsecho ndi umene umakuuza kuti paketi yonse ili ndi zingati.

Tsopano tiwerengere. Kuti mapaketi awiriwa afanane tiyenera kuwabweretsa onse pa magalamu 100. A kirimu aja ali ndi magalamu 4 pa magalamu 30 aliwonse, ndiye timatenga 4 kugawa ndi 30 kenako kuchulukitsa ndi 100, yankho ndi 13 ndi kakang'ono. Choncho pa mulu wofanana wa mabisiketi, a kirimu ali ndi magalamu 13 a mafuta a mtundu umenewu pomwe wamba aja ali ndi 5 ndi hafu. Amene amaoneka ochepa aja ndi amene ali ndi ochuluka kuposa kawiri. Kakakyuleta ka pa foni kamakwana pa ntchito imeneyi, nambala ya pa paketi, kugawa ndi magalamu a mlingo, kuchulukitsa ndi 100, basi.

Koma ine sindimaimira pamenepo chifukwa palibe munthu amene amadya magalamu 100 ndendende, funso lenileni ndi lakuti munthuyo amadya angati. Ndinawaimbira azakhali. "Azakhali, mukakhala pansi ndi kapu ya tiyi, mabisiketi amapita angati?" Anaseka kaye kenako anati, "Aaa mwanangu, ndimachita kuwerenga ngati? Mwina anayi asanu m'mawa, madzulonso chimodzimodzi." Tingoti 9 pa tsiku. A kirimu 9 ndi milingo itatu, ndiye magalamu 4 katatu ndi magalamu 12. Mabisiketi wamba aja ndi opepuka, pa kolamu inayo ya paketi yawo panalembedwa kuti anayi ndi magalamu 25, ndiye 9 akulemera magalamu 56 kapena apo, mafuta ake a mtundu uja akungopitirira magalamu 3 pang'ono. Tiyi yemweyo, chiwerengero cha mabisiketi chomwecho, koma kwina 12 kwina 3.

Nanga mafuta a mtundu uja amene ndikungowazungulirawa ndi ati? Pa paketi amalemba `Saturated fat`, ena amangoti `saturates`. Ukamasulira liwu ndi liwu umapeza zinthu ngati "mafuta okhuta" kapena "mafuta onyowa" zomwe sizitanthauza kanthu kwa munthu aliyense. Dzinali linachokera ku kemisitiri. Tizidutswa ting'onoting'ono topanga mafuta ndi ngati kamzere ka kaboni, ndipo pa mtundu umenewu malo onse a pa kamzereko adzaza ndi haidirojeni, palibe potsala. Chifukwa cha kudzazako tizidutswato timakhala towongoka, timathithikana bwino, n'chifukwa chake mafuta otere amaundana akazizira. Mwaonapo msuzi wa nyama ya ng'ombe kapena ya mbuzi wogona, m'mawa pamwamba pake pali choyera cholimba chija chomwe chimamatirira m'kamwa, amenewo ndi mafuta okhala ndi mtundu umenewu wambiri. Bata ndi chimodzimodzi, pafupifupi theka lake ndi mafuta amenewa. Pomwe mafuta a mpendadzuwa olo m'mwezi wa Juni kukuzizira chotani amakhalabe amadzimadzi, chifukwa mtundu woundanawu ulimo pang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. A soya ndi a mtedza ali nawo ochulukirapo pang'ono kuposa a mpendadzuwa koma safika olo pa kotala.

Ndiye ine ndimati "mafuta oundana," ndipo munthu wamkulu aliyense amene anaphikapo nyama amamva nthawi yomweyo. Koma mawuwa ali ndi malire ake amene ndimayenera kuwanena nthawi zonse. Munthu akamva "oundana" amayamba kufufuza ndi maso, akaona kuti bisiketi ndi youma, ilibe chonona, amati mulibemo. Chonsecho mafuta ambiri oundana a m'zakudya za m'mapaketi saoneka ndipo si a nyama, ndi a kanjedza aja amati pamu oyilo, amene pafupifupi theka lake ndi oundana. Makampani amawakonda chifukwa ndi otchipa, sachedwa kupezeka, ndipo bisiketi yopangidwa nawo imakhala khirichikhirichi miyezi yambiri osanunkha. Kirimu wa pakati pa bisiketi nthawi zambiri si wa mkaka monga dzinalo likumvekera, amakhala mafuta olimba a zomera osakaniza ndi shuga wosalala, n'chifukwa chake nambala ija inakwera chonchija. Ukafuna kutsimikiza umayang'ana mndandanda wa zomwe aikamo, umene umalembedwa kuyambira chochuluka kwambiri kutsika mpaka chochepa, ukaona `palm oil` kapena `vegetable fat` ali pa nambala 2 kapena 3 wadziwa kale. Komanso mafuta ophikira a kanjedza kukatentha amaoneka amadzimadzi bwinobwino m'botolo, umangowazindikira nyengo yozizira akayamba kuchita mbuu pansi. Ndiye ndikamasulira ndimawonjezera kuti "olo simukuwaona."

Ena amangodula nkhani n'kunena kuti "mafuta oipa." Ndikumvetsa chifukwa chake, akufuna munthu aope, koma ine sindigwirizana nazo. Choyamba, palibe mafuta ophikira amene mulibiretu oundana, ndiye munthu ukamuuza kuti amenewa ndi oipa n'kukawaona pa botolo la mpendadzuwa, pa chiponde cha m'botolo, pa mkaka wa mwana, amasokonezeka kapena amangosiya kukhulupirira zonse. Chachiwiri nkhani yake ndi ya kuchuluka. Mafuta oundana akachuluka m'zakudya kwa nthawi yaitali amakweza kolesitolo wa mtundu umene umakanirira m'mitsempha ya magazi, mitsempha n'kumachepa njira, ndiye chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko chimakula. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limalangiza kuti mphamvu zochokera ku mafuta amenewa zisapitirire 10 peresenti ya mphamvu zonse zimene munthu amapeza m'chakudya pa tsiku, ndipo m'malo mwake azidya mafuta a zomera osaundana aja. Sananene kuti ziro. Ndipo kwa ife a kuno, nsinjiro zathu zothira m'nkhwani zili mbali yabwino ya nkhaniyi, mafuta ambiri a mu mtedza ndi osaundana.

Kanthu kena kakang'ono pa mzere womwewu kamene kamasowa pa chithunzi. Mwaona kuti mzere wa mafuta oundana unalowa mkati pang'ono poyerekeza ndi wa pamwamba pake, ndipo pa paketi ya ku Joni analemba `of which`. Zikutanthauza kuti magalamu 4 aja ali mkati mwa 7 aja, si owonjezera. Munthu akamakopera manambala pa uthenga amangowandandalika onse mofanana, wowerenga n'kuphatikiza 7 ndi 4 kupeza 11. Pomasulira mawu oti "mwa amenewa" asasowe: mafuta onse magalamu 7, mwa amenewa oundana ndi 4. Shuga nayenso amalembedwa chimodzimodzi pansi pa chakudya chopatsa mphamvu.

Tsopano maperesenti a kumanja aja, amene mutu wake umakhala `% Daily Value` kapena mwachidule `%DV`. Awa ndiye amasokoneza anthu kuposa china chilichonse. Msuweni wanga anawamva kuti 20 peresenti ya bisiketiyo ndi mafuta oundana, ndipo ambiri amamva choncho, koma ayi. Tikanafuna zimenezo tikanati 4 mwa 30, yomwe ndi 13 peresenti ija. Wina anandiuzapo kuti ndi "mtengo wa tsiku" poti liwu lachiwirilo limanenanso za ndalama. Tanthauzo lake lenileni ndi ili: pali nambala imene anaikhazikitsa ya tsiku lonse lathunthu pa chinthu chilichonse, ya munthu wongoyerekeza amene amadya makalori 2000 pa tsiku, ndiye peresentiyo ikukuuza kuti mlingo umodzi wa chakudyachi watenga gawo lalikulu bwanji la nambala ya tsikuyo. Pa mafuta oundana nambala ya tsiku ndi magalamu 20. Mutha kuona komwe yachokera, 10 peresenti ya 2000 ndi makalori 200, galamu imodzi ya mafuta imapereka makalori 9, ndiye 200 kugawa ndi 9 ndi 22, anangoitsitsa pang'ono kufika pa 20. Magalamu 4 mwa 20 ndi 20 peresenti, ndi imene ili pa paketi ija. Mabisiketi atatu atenga gawo limodzi mwa magawo asanu a tsiku lonse. A azakhali 9 aja ndi 60 peresenti, asanadye nsima, asanakhudze kanyama kapena mandasi. Paketi yonse ya milingo isanu, imene mwana wa sekondale amatha kuimaliza yekha pa buleki, ndi 100 peresenti ndendende.

Chimene chimandivuta kwambiri pomasulira mawu amenewa n'chakuti Chizungucho chinaphatikiza zinthu ziwiri zotsutsana pansi pa mutu umodzi. Pa mafuta oundana, sodiyamu ndi shuga wothira, nambala ya tsikuyo ndi malire oti usapitirire. Pa ayironi, kashiyamu, mavitamini ndi gaga wa m'zakudya amene amati faiba, nambalayo ndi yoti uyesetse kufikapo. Ndiye ukangomasulira kamodzi kuti "zofunika m'thupi pa tsiku," monga ambiri amachitira, wamuuza munthu kuti thupi lake likufuna magalamu 20 a mafuta oundana ndipo akadya mabisiketi atatu kwatsala 80 peresenti yoti akwaniritse. Ndinamvapo bambo wina akunena zimenezi ndi mtima wonse, kuti bisiketi iyi ndi yabwino chifukwa ikupereka 20 peresenti pomwe inzake ikungopereka 8. Ine ndimamasulira pawiri kutengera mzere. Pa mafuta, mchere ndi shuga ndimati "zadya gawo lakuti la malire a tsiku." Pa ayironi ndi mavitamini ndimati "zakupatsani gawo lakuti la zomwe thupi likufuna pa tsiku." Ziganizo ziwiri zosiyana, ndipo sindilola kuti zisakanikirane olo uthenga utalike.

A ku Amereka omwewo anapereka kanjira kachidule kowerengera maperesentiwa, 5 peresenti kutsika m'munsi ndi zochepa, 20 peresenti kukwera m'mwamba ndi zambiri. Ndi kothandiza ukakhala m'shopu ulibe nthawi, bola ukumbukire kuti kakunena za mlingo umodzi. Ngati paketi ili ndi manambala a pa magalamu 100 okha, a ku Mangalande ali ndi malire awo amene ine ndimawagwiritsanso ntchito, mafuta oundana opitirira magalamu 5 pa 100 ndi ambiri, osapitirira 1.5 ndi ochepa. Mukaona pamenepa mabisiketi wamba aja a 5,5 nawonso sanapulumuke kwenikweni, angodutsa mzere pang'ono, kungoti anzawo a 13 anapita patali.

Ndipo munthu wa makalori 2000 uja si aliyense. Mnyamata amene walima mizere kuyambira 5 koloko m'mawa, kapena wa kabaza wopalasa njinga tsiku lonse, amafuna mphamvu zoposa pamenepo. Agogo okhala pakhonde ndi mwana wa zaka zisanu amafuna zochepa, ndiye kwa iwo 20 peresenti ya pa paketi ija kwenikweni ndi yoposa 20. Izi ndimazinena makamaka kwa makolo chifukwa mabisiketi ndi tokhwasula ta m'mapaketi tambiri timathera m'zikwama za ana a ku nasale. Mapaketi ena salemba `%DV` koma `%NRV` kapena `%RI`, ganizo lake ndi lomwelo ngakhale manambala a tsiku amasiyana pang'ono dziko ndi dziko, ndipo pa katundu wa ku Joni peresentiyo kawirikawiri mumaipeza pa mavitamini, maminero ndi mapuloteni, pa mafuta ndi mchere pamangokhala magalamu.

Za 150 ndi 1850 zija n'zachidule. Kupatula kuti milingo inali yosiyana, mayunitsi akenso ndi osiyana, wina makalori wina makilojulu, ndipo kalori imodzi ya pa paketi ndi makilojulu 4.2 kapena apo. 1850 kugawa ndi 4.2 ndi 440 pa magalamu 100, pomwe a kirimu pa magalamu 100 ndi 500. Sakusiyana kwambiri.

Mchere ndiye sindingaudumphe poti azakhali vuto lawo lalikulu ndi bipi, ndipo pa bipi mzere wofunika kwambiri ndi umenewu, osati wa mafuta. Mapaketi a ku Ulaya amalemba `Salt` m'magalamu, a ku Amereka ndi ku Joni amalemba `Sodium` m'mamiligalamu, ndipo ziwirizi si chinthu chimodzi. Sodiyamu ndi gawo chabe la mchere, pafupifupi magawo anayi mwa khumi, ndiye ukamasulira mzerewo kuti "mchere" n'kusiya nambala momwe ilili wachepetsa mcherewo kawiri ndi theka. Kawerengedwe kake ndi aka:

```
mchere = sodiyamu × 2.5
400 mg × 2.5 = 1000 mg = 1 g
```

Bungwe la za umoyo lija limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, omwe ndi sodiyamu mamiligalamu 2000, kasipuni ka tiyi kamodzi kosadzaza bwino, kuphatikiza wa m'ndiwo, wa m'buledi ndi wina aliyense. Peresenti ya pa kabokosi ka ku Amereka imawerengera pa 2300, ndiye ndi yofewerapo pang'ono. Pa mapaketi athu awiri aja panatuluka chinthu chimene msuweni wanga sanayembekezere, pa magalamu 100 mabisiketi wamba ali ndi sodiyamu 400 pomwe a kirimu ali ndi 317, ndiye pa mchere wamba aja ndi amene ali patsogolo. Koma poti ndi opepuka, 9 a iwo akupereka mchere wongopitirira theka la galamu, a kirimu 9 akupereka 0.7. Onse si ambiri kwenikweni. Ndinawauza azakhali mosabisa kuti mchere umene ukukweza bipi yawo suli m'mabisiketi, uli m'dzanja limene limathira m'mphika, mu timakyubu ndi supu wa ufa wothira m'ndiwo, mu usipa ndi nsomba zouma zothira mchere, ndipo paketi yoti ajambule ulendo wina ndi ya timakyubu ija.

Pa kajambulidwe pali zinthu zimene zimabwerezabwereza. Mapaketi ambiri ndi onyezimira ndiye fulashi imayaka pakati penipeni pa manambala, bola kuzimitsa fulashi n'kuimira pakhomo pomwe pali kuwala, paketi itawongoledwa ndi chala. Mutu wa makolamu usadulidwe, chifukwa mapaketi ambiri ali ndi makolamu awiri oyandikana, ya magalamu 100 ndi ya mlingo umodzi, ndipo popanda mutu sungadziwe kuti iyi ndi iti. Pena kabokosiko kamabisika pansi pa mpindiro wa paketi kumbuyo kuja, uyenera kuutukula. Watsapu imafinya zithunzi kuti isadye bandulo, ndiye tinthu ting'onoting'ono timafufutika, ndipo tinthu take ndi tofunika kwambiri: kadontho ka pakati pa manambala ndi ka `m` ka pa `mg`. A ku Joni ndi ku Mozambiki amalemba kakoma m'malo mwa kadontho, 5,5 ndi zisanu ndi theka, koma pa chithunzi chosaoneka bwino imasanduka 55. Njira yodzitetezera ndi kuyang'ana ngati manambala akugwirizana okhaokha. Mafuta oundana sangapose mafuta onse, ndiye 55 pansi pa 11 n'zosatheka. Magalamu onse ukawaphatikiza sangapose kulemera kwa mlingo. Ndipo ngati pali peresenti, ichulukitse ubwerere kumbuyo, 20 peresenti ya magalamu 20 ikupereka 4, ndiye nambala yofufutikayo ndi 4 osati 0.4 kapena 14. Ndimapemphanso zithunzi zina ziwiri, cha kutsogolo posonyeza kulemera kwa paketi yonse ndi cha mndandanda wa zomwe aikamo.

Mndandanda umenewu umathandizanso pa mzere wina umene pa kabokosi ka ku Amereka umakhala pansi pa mafuta oundana, `Trans Fat`. M'zakudya za m'mapaketi awa kawirikawiri amachokera ku mafuta a zomera amene anawaumitsa ku fakitale, ndipo ndi oopsa pa mtima kuposa oundana aja. Malamulo a ku Amereka amalola kulemba 0 ngati ali ochepera theka la galamu pa mlingo umodzi, ndiye 0 ya pamenepo pena imatanthauza "ochepa" osati "mulibe," ndipo mlingo ukakhala waung'ono ngati magalamu 30 n'kudya milingo itatu, zochepazo zimaunjikana. Ukaona mawu oti `partially hydrogenated` pa mndandanda, dziwa kuti alimo olo kabokosi kanene ziro.

Zonsezi sindinawalembere azakhali, akanatopa nazo. Ndinawatumizira voisi yaifupi kudzera pa foni ya mwana wawo, mawu ake anali awa: "Azakhali, manambala a pa mabisiketi a kirimuwa awerengera atatu okha, inu mumadya pafupifupi 9 pa tsiku. Asanu ndi anayiwo ali ndi mafuta oundana, ngati oyera a pamwamba pa msuzi wa ng'ombe aja olo simukuwaona, opitirira theka la malire a tsiku lonse, komanso shuga wake ndi wokwana timasipuni 7 ndi hafu kupatula amene mumathira mu tiyi. Opanda kirimuwa mafuta amenewa ndi ochepa kanayi pa chiwerengero chomwecho. Ngati mukufuna mabisiketi tengani amenewa, koma masiku amene mbatata ilipo mwerani mbatata." Shuga wa timasipuni 7 ndi hafu uja ndinamupeza pa mzere wa m'munsi wa paketi yomweyo, magalamu 10 pa mabisiketi atatu, katatu ndi 30, ndipo kasipuni ka tiyi kamodzi kamalowa magalamu 4 a shuga.